Mwana wa m'kalasi mwanu akamwalira: momwe mungauzire anzake ndi makolo

Uthenga unandipeza Lolemba cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndisanayatse n'komwe mbaula. Anaimba foni anali mayi wina wa m'gulu la amayi a pasukulu pathu. Mnyamata wa m'kalasi mwanga, wa Sitandade 5, wa zaka 11, anali atamwalira usiku ku Chipatala Chachikulu cha Kamuzu. Lachinayi anali m'kalasi, akudandaula mutu. Lachisanu sanabwere. Tsopano panali patatsala maola awiri okha kuti ana 84 akhale pansi n'kuyamba kundiyang'ana kukamwa.

Ndikulembera inu aphunzitsi anzanga, makamaka a kupulayimale, chifukwa tsiku ngati limeneli limafika mosagogoda, ndipo pamene lafika mutu sugwira. Muno mnyamatayo ndizimutchula kuti Uje. Ndiyala ndondomeko yomwe tinatsata, ndi mawu enieni omwe tinanena, kuti mukhale ndi poyambira.

Mfundo imodzi yokha muigwire: maliro ndi a eni ake. Mphunzitsi ndi wotumidwa chabe. Mumanena zoona, m'mawu osazungulira, koma mumalekeza pomwe banja lakulolani kulekeza.

Gawo loyamba: pitani kusiwa musanatsegule pakamwa

Musalengeze imfa chifukwa mwaimva pafoni, ngakhale wokuimbirani akhale munthu womukhulupirira. Imbirani aphunzitsi aakulu kaye. Kenako anthu awiri kapena atatu apite kunyumba kwa mwanayo: mphunzitsi wa kalasi, aphunzitsi aakulu kapena achiwiri awo, ndi mmodzi wa komiti ya makolo kapena wa gulu la amayi, makamaka amene amakhala m'dera lomwelo ndipo akudziwana ndi banjalo. Ife tinafika isanakwane 6 koloko. Masamba anali ataikidwa kale pamsewu, amayi ali m'nyumba akulira, abambo atakhala panja.

Mukafika musalunjike kwa mayi wa mwana ndi mafunso. Khalani pansi, pepesani monga mwa mwambo, ndipo patapita kanthawi funsani wina wapafupi kuti amene akuyendetsa zovutazi ndani. Kawirikawiri amakhala malume ake a mwanayo, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo kapena wa kumzikiti. Funsaninso ngati amfumu a m'deralo adziwitsidwa. Ngakhale m'tauni muno, ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25, maliro samveka mfumu isanamve, ndipo sukulu siyenera kutsogola.

Kwa woyendetsa zovutayo funsani zinthu zinayi, ndipo mulembe mayankho pakapepala, chifukwa mukabwerera kusukulu mudzakhala mutaiwala theka. Choyamba, kodi akulola kuti sukulu iuze ana ndi makolo lero? Chachiwiri, chomwe chatenga mwanayo tichitchule kapena tingoti anadwala? Chachitatu, mwambo uyenda bwanji: thupi lichoka liti kuchipatala, lidzera panyumba pano, aikidwa m'tauni momuno kapena kumudzi? Chachinayi, kodi anzake a m'kalasi abwere, ndipo abwere angati?

Funso lachiwirilo ndi lomwe aphunzitsi ambiri timalumpha chifukwa cha manyazi, koma ndilo lofunika kuposa onse. Kwa Uje, malume ake anati: "Aphunzitsi, nenani ndithu kuti ndi malungo, madokotala atero. Mwina ena aphunzirapo." Banja lina likhoza kunena kuti musatchule. Likatero musatchule, ngakhale mukudziwa, ngakhale mudzi wonse ukunong'onezana. Matenda a mwana si nkhani yolengeza pabwalo.

Musanachoke funsaninso ngati pali abale a mwanayo omwe amaphunzira pasukulu panu. Izi ndinaziphunzira mowawa. Zaka zapitazo, pasukulu ina, tinalengeza imfa ya mwana pa asembule, ana onse ali pamzere. Sitinadziwe kuti msuweni wake, yemwe amakhala ndi azakhali kudera lina, anali asanamve. Anamva kuchokera pakamwa pathu, pakati pa ana mazanamazana, ndipo anagwa pomwepo. Mpaka lero ndimaona nkhope yake. Uje anali ndi mlongo wake wa Sitandade 2, yemwe anali kale pamaliro, komanso msuweni wa Sitandade 7. Ameneyu tinamuyembekezera pachipata, mphunzitsi wamkazi anamutengera mu ofesi, ndipo azakhali ake anadzamuuza okha ndi kumutenga.

Mukabwerera, tsegulani kaundula mutsimikize dzina lonse ndi kalasi. M'sukulu zathu za m'tauni, momwe Sitandade imodzi imakhala ndi makalasi atatu kapena anayi, mayina ofanana ndi ambiri. Kusokoneza 5A ndi 5B kukhoza kuthamangitsa kholo la mwana wamoyo kuchoka kumsika likulira.

Gawo lachiwiri: aphunzitsi onse amve mawu amodzi

Belu lisanalire, aphunzitsi aakulu asonkhanitse aphunzitsi onse kwa mphindi khumi. Lembani ziganizo zitatu kapena zinayi zomwe aliyense akanene m'kalasi mwake: dzina, kalasi, tsiku, chifukwa monga banja lalolera, ndi zoti kalata ikupita kwa makolo. Alonda ndi amayi ophika phala auzidwenso zomwezo, chifukwa ana amawafunsa iwowa zambiri kuposa momwe amatifunsira ife. Aphunzitsi aakulu adziwitse mlangizi wa maphunziro wa zoni ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Gwirizananinso kuti wina aliyense wa kunja akabwera kudzafunsa, woyankha ndi aphunzitsi aakulu okha.

Gawo lachitatu: kalasi la mwanayo limve palokha, ndipo limve kwa inu

Asembule ibwere pambuyo. Ana omwe ankakhala naye limodzi, kubwerekana naye cholembera, kugawana naye chigumu, ayenera kumva m'chipinda chawo, chitseko chili chotseka, kuchokera kwa mphunzitsi amene amamudziwa. Pemphani mphunzitsi wina akhale kumbuyo kwa kalasi. Ntchito yake ndi kuona mwana amene zamukulira ndi kutuluka naye, kuti inu musasiye ana 80 okha.

Musaitane mayina a m'kaundula kaye. Mukatero mudzafika pa dzina lake, ndipo wina adzayankha kuti "wamwalira" inu musanakonzeke. Auzeni atseke makope. Ngati mungathe khalani pampando, musaime pabolodi ngati mukuphunzitsa masamu. Ine ndinanena chonchi:

"Ana inu, ndili ndi uthenga wachisoni, ndipo ndikufuna muumve kwa ine. Mnzathu Uje wamwalira. Wamwalira usiku wathawu kuchipatala. Anadwala malungo aakulu. Makolo ake anamutengera kuchipatala, madokotala anayesetsa, koma matendawo anakula. Uje sabweranso kusukulu. Inenso zandipweteka kwambiri. Amene akufuna kulira alire, palibe amene amuseke. Amene sakumva kulira, palibenso cholakwika."

Ndinalekeza pomwepo, n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta, pakamwa pamayabwa kuti muwonjezere ulaliki, koma dzigwireni. Ana amafuna mphindi ziwiri kapena zitatu kuti mawu alowe. Ena analira mokweza. Anyamata awiri kumbuyo anaseka. Musawakalipire: mwana akachita mantha nthawi zina amaseka chifukwa sakudziwa chochita ndi nkhope yake. Mmodzi wa awiriwo ndi amene anadzalira kwambiri tsiku lotsatira.

Taonani kuti ndinagwiritsa ntchito mawu akuti "wamwalira". Akuluakulu timakonda kufewetsa: watisiya, watsogola, wagona, wapita kukapuma. Pakati pa akuluakulu mawu amenewa ndi aulemu ndipo amamveka. Kwa mwana wamng'ono ndi msampha. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 mukamuuza kuti mnzake wagona, amayembekezera kuti adzuka, kapena amayamba kuopa tulo usiku. Mukati watisiya, amafunsa kuti abwera liti. Ana osapitirira zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri ambiri sanamvetse kuti imfa sibwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake amafunsa funso lomwelo mawa ndi mkuja. Ayankheni mofatsa yankho lomwelo: thupi lake lasiya kugwira ntchito, sakupuma, sakumva kuwawa, ndipo sabweranso. A Sitandade 5 amamvetsa kale zimenezi, koma mawu achindunji amawathandizabe, chifukwa amatseka mpata wa mphekesera.

Pali mawu enanso otonthoza omwe ine ndinasiya kuwanena kwa ana. "Mulungu wamutenga chifukwa anali mwana wabwino." Mwana wakhalidwe akamva zimenezo amadzifunsa kuti ndiye wotsatira ndi iyeyo. Pemphero lalifupi ndi loyenera, ana athu analizolowera ndipo limawakhazika mtima pansi. Koma kumbukirani kuti m'kalasi muli a mipingo yosiyanasiyana komanso Asilamu. Pempherani mopempha chitonthozo kwa banja ndi kwa ana. Kufotokoza komwe mwanayo ali tsopano asiyireni makolo ndi atsogoleri a chipembedzo chawo.

Kenako afunseni ngati ali ndi mafunso. Adzakhala nawo, ndipo atatu awa amabwera pafupifupi nthawi zonse.

"Kodi ifenso tidwala?" Apa ndi pomwe chilolezo cha malume chinatithandiza. Ndinatha kunena kuti malungo sapatsirana pokhala pampando umodzi kapena kudyera limodzi, amafalitsidwa ndi udzudzu, ndipo ana ambiri odwala malungo amachira akayezetsa msanga ndi kumwa mankhwala. Ndinawauza kuti akamva kutentha thupi auze wamkulu tsiku lomwelo. Chenjerani kuti mawu anu asamveke ngati mukuti makolo a malemuyo anachedwa. Ana amakafotokoza kunyumba, ndipo mawuwo amakafika kusiwa dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake m'mawu anga ndinaikamo dala kuti makolo ake anamutengera kuchipatala.

"Akuti amulodza." Mtsikana wina ananena zimenezi mokweza, ndipo anatchula ndi dzina la gogo wina wa m'deralo. Musamukalipire mwanayo, wangobwereza zomwe wamva pampopi. Komanso musazisiye zipite. Ine ndinati: "Zimene tikudziwa ndi zimene madokotala apeza ndipo banja latiuza: ndi malungo. M'kalasi muno sititchula dzina la munthu aliyense kuti ndi amene wachititsa. Kutero kukhoza kuvulazitsa munthu wosalakwa." Tonse tikudziwa zomwe zimachitikira okalamba m'dziko muno dzina lawo likatchulidwa pa imfa ya mwana. Sukulu isakhale pomwe moto umenewo wayambira.

Funso lachitatu silifunsidwa pagulu. Limabwera nthawi ya buleki, ndi mawu apansipansi. Mnyamata yemwe ankakhala naye desiki imodzi anandipeza pakhonde n'kunena kuti: "Madamu, Lachitatu tinamenyana, ndinamuuza kuti afe." Mwana wotere amakhulupirira kuti mawu ake ndi omwe apha. Musamuyankhe kuti "usadandaule" n'kupitiriza ulendo. Khalani naye pansi, mumuuze momveka kuti mawu sayambitsa malungo, kuti anzake amakangana ndipo amagwirizananso, ndi kuti Uje anamwalira chifukwa cha matenda, osati chifukwa cha iye. Muuzeni kangapo. Chifukwa choti ena ali ndi nkhawa yomweyo koma sabwera, nenaninso kwa kalasi lonse kuti palibe aliyense muno amene wachititsa imfayi ndi zomwe ananena kapena kuchita.

Tsikulo musaweruse ana nthawi isanakwane pokhapokha makolo adziwe. Makolo ambiri ali kuntchito kapena kumsika, ndipo mwana wosweka mtima akafika panyumba yotseka, kapena azingoyendayenda mumsewu. Musaphunzitsenso mutu watsopano. Ife tinang'amba mapepala a m'kope, aliyense analemba kapena kujambula chimene akumukumbukira nacho mnzake. Ambiri anajambula mpira. Mapepalawo tinawamanga pamodzi n'kukapereka kwa mayi ake patapita sabata.

Gawo lachinayi: kalata ya makolo ichoke tsiku lomwelo

Mwana akafika kunyumba ndi nkhani ya imfa popanda kalata, kholo limamva nkhaniyo monga mwana wa zaka 10 waimvera, ndipo pofika madzulo malungo asanduka chiphe cha m'phala la kusukulu. Kalata ndi imene imateteza banja, sukulu ndi anawo.

Ngati ndalama ya fotokope ilipo, sindikizani. Tsamba limodzi mukhoza kuikapo makalata awiri n'kudula pakati, kotero ana 84 amafuna masamba 42. Ngati palibe, lembani pabolodi ana akopere, koma yendani muone makope, makamaka tsiku ndi nthawi, chifukwa ndi pomwe amalakwitsa. Mawu omwewo muwatumizenso pa gulu la makolo la WhatsApp, osasintha kanthu. Musadalire foni yokha: makolo ambiri sali pagulupo, ndipo ena foni yawo silandira zimenezo. Kalata yathu inali iyi:

"Okondedwa makolo ndi onse olera ana a Sitandade 5B,

Ndi chisoni chachikulu tikukudziwitsani kuti mmodzi mwa ana athu, Uje, wamwalira usiku wa Lamlungu kuchipatala atadwala malungo. Tikulemba ndi chilolezo cha banja lake.

Ana anu tawauza m'mawa uno m'kalasi. Tawauza kuti mnzawo wamwalira, kuti anadwala malungo, ndi kuti palibe mwana aliyense amene wachititsa. Chonde khalani nawo pansi madzulo ano muwamvetsere. Mwana akhoza kulira, kukana kudya, kuopa kugona yekha, kufunsa funso limodzi kambirimbiri, kapena kungosewera ngati palibe chachitika. Zonsezi zimachitika. Muyankheni zoona, mwachidule, ndipo musamuletse kutchula dzina la mnzakeyo.

Thupi lifika kunyumba lero madzulo, ndipo mawa Lachiwiri linyamuka 8 koloko m'mawa kupita kumudzi ku Dowa. Banja lalola kuti ana 10 a m'kalasi, pamodzi ndi aphunzitsi atatu, akatsanzike kunyumba mawa m'mawa thupi lisananyamuke. Palibe mwana amene apite kumudzi. Ngati mwana wanu akufuna kupita ndipo inu mukulola, sainani pansipa. Amene sakufuna sakakamizidwa, ndipo sukulu ikhalapo monga mwa masiku onse.

Amene angathe kuperekako chipepeso apereke kwa msungichuma wa komiti ya makolo pofika Lachitatu. Mulingo palibe, ndipo mwana sadzafunsidwa ngati kwawo apereka kapena ayi.

Tikupemphani kuti tisafalitse zithunzi za mwanayu kapena nkhani zina zomwe banja silinanene. Mwana wanu akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe malungo. Ngati mukuona kuti imfayi yamusokoneza kwambiri, bwerani tidzakambirane; ndimapezeka pasukulu ana akaweruka.

Ine mphunzitsi wa kalasi, pamodzi ndi aphunzitsi aakulu."

Muone dongosolo lake. Chiganizo choyamba chanena zomwe zachitika, popanda ndime yaitali ya malonje. Chachiwiri chanena kuti banja lalola, ndipo chimenechi chimatseka pakamwa amene angafunse kuti sukulu yatenga kuti ufulu wolengeza. Ndime yachiwiri ndiyo mtima wa kalatayo: kuuza makolo mawu enieni omwe ana amva, kuti kunyumba asakamve zosiyana. Mphunzitsi akati wamwalira, amayi n'kuti wapita kumudzi, mwana amasiya kukhulupirira onse awiri.

Ngati banja silinalole kutchula matenda, lembani kuti "wamwalira atadwala kwa kanthawi kochepa", kapena "banja lapempha kuti zambiri zikhale za m'banja, ndipo tikupempha tonse tilemekeze zimenezi". Musapeke matenda ena pofuna kubisa enieniwo. Bodza limatulukira pamaliro pomwepo, m'mawu a woyankhula m'malo mwa banja, ndipo kuyambira pamenepo kalata za sukulu palibe adzazikhulupirire.

Pa nkhani ya gulu la WhatsApp ndionjezeko pang'ono. Mukatumiza uthengawo, makolo amayamba kupepesa, zomwe ndi zabwino, koma pasanathe ola wina amaponya chithunzi cha mwanayo, wina amafunsa kuti "kwenikweni chachitika n'chiyani", wina n'kuyankha zomwe wamva. Kumbukirani kuti bambo kapena mayi wa malemuyo ali pagulu lomwelo ndipo adzawerenga zonse. Woyang'anira gulu afufute zotere msanga, ndipo ngati zanyanya atseke kuti kwa tsiku limodzi azilemba ndi oyang'anira okha. Kholo loferedwalo musalichotse pagulu mwakachetechete. Patapita masabata angapo, munthu mmodzi akalifunse ngati likufuna kukhalabe.

Za chipepeso, musatolere ndalama m'kalasi poitana mayina. Mwana amene kwawo agona ndi njala amachita manyazi kawiri: mnzake wamwalira, ndipo iye alibe choponya m'mbale. Ndalama zilembedwe m'kope, ziwerengedwe ndi anthu awiri, ndipo zikaperekedwe kwa woyendetsa zovuta pamaso pa mboni. Ngati ena atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ikhale imodzi, ya msungichuma, osati ya mphunzitsi wa kalasi. Mukapereka, lengezani kuchuluka kwake kwa makolo. Ndalama za maliro zadanitsa anthu ambiri.

Pamene imfayo si ya malungo

Pali mitundu itatu ya imfa yomwe imasintha ndondomekoyi, ndipo pa yonseyi musalembe nokha.

Ngati ndi matenda opatsirana monga kolera, chinsinsi cha banja chimakumana ndi chitetezo cha ana ena. Tonse a mu Lilongwe tikukumbukira Januwale wa 2023, pomwe sukulu za mumzinda uno ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha matendawa. Zikatero dziwitsani a zaumoyo a m'dera lanu nthawi yomweyo, ndipo gawo la kalata lonena za zizindikiro ndi zoyenera kuchita alembe ndi iwo. Ana asapite kumaliro otero, chifukwa amayendetsedwa motsata malangizo a zaumoyo.

Ngati ndi ngozi, kaya ya galimoto pamsewu, kaya mwana wakokoloka mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe nthawi ya dzinja, kaya zachitikira pasukulu pomwe, nenani zokhazo zotsimikizika: anagundidwa ndi galimoto popita kunyumba, apolisi akufufuza. Musatchule wolakwa, musafotokoze mabala. Funsani mwakachetechete kuti ndi ana ati omwe anaona ndi maso awo. Amenewa muyankhule nawo paokha, ndipo makolo awo muwaimbire foni, kalata yokha siyokwanira.

Ngati mwana wadzipha, zomwe zimachitika makamaka m'makalasi akuluakulu ndi kusekondale, samalani koposa. Musatchule njira yomwe wagwiritsa ntchito kapena malo ake, musawerenge kalata yomwe wasiya, ndipo musanene kuti wachita zimenezi chifukwa cha chinthu chimodzi monga kulephera mayeso kapena kukalipiridwa. Kufotokoza mwatsatanetsatane kotero kumaika pangozi ana ena omwe ali kale m'mavuto. Musamunyoze, komanso musamuchitire mwambo woposa womwe mungachitire mwana wina aliyense. Chomwe chiyenera kumveka kwambiri mu uthengawo ndi komwe mwana wovutika mumtima angapite: dzina la mphunzitsi amene angamufikire, ndi nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Gawo lachisanu: kukatsanzika

Posankha ana 10 aja tinayamba ndi anzake enieni, osati anzeru kapena atsogoleri a kalasi. Ana amawadziwa, afunseni. Musananyamuke auzeni zomwe akaone: anthu akulira mokweza, nyimbo, bokosi, ndi zoti mwina padzakhala kuona nkhope. Auzeni kuti palibe amene akakamizidwe kuyandikira bokosi. Mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana atatu kapena anayi, ndipo mukhale m'mbali momwe mungatulukire mosavuta. Ife tinaimba nyimbo imodzi, aphunzitsi aakulu anayankhula mawu ochepa, mtsikana mmodzi anaika nkhata ya maluwa omwe ana anathyola okha, ndipo galimoto itanyamuka tinabwerera. Titafika, ana omwe anatsala anafuna kumva zonse, ndipo tinapatsa anzawowo mpata wofotokoza ine ndili pomwepo.

Gawo lomaliza: desiki, kaundula ndi masabata otsatira

Malo omwe ankakhala musawadzaze mawa lake, komanso musawasiye opanda munthu teremu yonse. Ena amaopa kukhalapo, ena safuna kuti wina akhalepo. Ine ndinawasiya sabata imodzi, kenako ndinafunsa kalasi, ndipo tinagwirizana kusintha malo a ana onse nthawi imodzi, kuti pasakhale mwana mmodzi wonenedwa kuti walanda malo a malemu. Makope ake ndi mayeso omwe ndinali ndisanabweze ndinasonkhanitsa ndekha n'kukapereka kunyumba. M'kaundula musafufute dzinalo ana akuona. Lembani tsiku ndi chifukwa monga mwa dongosolo la sukulu, ndipo uzani aphunzitsi a maphunziro ena ndi a mu ofesi, kuti dzina lake lisatulukenso pa mndandanda wa mayeso kapena pa kalata yokumbutsa makolo za ndalama. Kalata yotero ikafika kwa mayi woferedwa imatsegula bala lonse.

Ana ambiri amabwerera m'chimake pakatha masabata awiri kapena atatu, ngakhale chisoni chimabwerabwerabe. Amene muyenera kuwayang'anitsitsa ndi mnzake wapamtima, amene anakangana naye, amene anaona ngozi, ndi amene anaferedwa kale kholo kapena m'bale posachedwa. Zizindikiro zake si kulira kokha. Mwana yemwe sankajomba wayamba kujomba, tsiku lililonse akuti m'mimba kapena mutu, akugona m'kalasi chifukwa usiku sagona, wayamba ndewu, makolo akuti wayambiranso kukodza pogona. Zikapitirira mwezi, kapena zikamakula m'malo mochepa, itanani makolo mukambirane zopita naye kuchipatala kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Koma mwana akanena kuti akufuna kumutsatira mnzakeyo, kapena kuti bola afe, musadikire mwezi kapena mawa: musamusiye yekha, uzani aphunzitsi aakulu ndi makolo tsiku lomwelo, ndipo apite naye kuchipatala.

Mlongo wake wa Uje anabwerera kusukulu patatha masabata awiri. Dzulo lake mphunzitsi wa Sitandade 2 anauza kalasi kuti mnzawo akubwera, amulandire, asewere naye, asamuunjirire ndi mafunso, ndipo akafuna yekha kunena za achimwene ake amumvetsere. Anamuuzanso iyeyo kuti akamva kulira akhoza kutuluka osapempha, n'kupita kwa amayi ophika phala, omwe anali atauzidwa kale. Sabata yoyamba anatuluka katatu. Yachiwiri kamodzi.